Kuyanjanitsa antchito awiri amene akukanirana udindo pa ntchito yogawana

Antchito awiri akabwera kwa inu aliyense akunena kuti ntchito imene yalakwika sinali yake, musafulumire kufunafuna waulesi pakati pawo. Nthawi zambiri mkangano wotere umabadwira pamalire, pamene ntchito imachoka m'manja mwa wina kupita m'manja mwa mnzake, chifukwa pamenepo pamakhala kachigawo kena kamene aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akukachita. Ntchito ya mkhalapakati ndiyo kupeza kachigawo kopanda mwiniko ndi kukapatsa mwini wake. Kakangopezeka, mkwiyo wambiri umazilala wokha.

Tiyerekeze kuti pamalo ena a ntchito pali bambo wosunga katundu ndi mayi yemwe ndi kalaliki, ndipo onse awiri anauzidwa ndi mawu apakamwa kuti aziyang'anira limodzi kalandiridwe ka katundu. Tsiku lina galimoto yabweretsa makatoni 40, pomwe chikalata chobwera ndi katunduyo chikunena kuti ndi 50. Patapita masabata atatu, kuperewerako kwadziwika, koma ndalama za makatoni 50 zalipiridwa kale. Kalaliki akuti iye analemba zimene zinali pachikalata chimene wosunga katundu anasayina. Wosunga katundu akuti iye anawerenga bwinobwino, analemba 40 m'kaundula wake, ndipo kufananiza ziwerengero ndi ntchito ya munthu amene amagwira mapepala. Tsopano awiriwa sakulankhulana, ndipo mapepala akupatsirana kudzera mwa munthu wina.

Choyamba kuchita ndi kuona zolembedwa musanaitane aliyense. Werengani makalata ofotokoza ntchito ya aliyense, kaundula wa katundu, chikalata chimene chinasayinidwa, ndiponso uthenga uliwonse umene unaperekedwa pogawa ntchitoyo. Ngati amene munawauza kuti azigwira limodzi ndinu nomwe, dziwani kuti mbali ina ya vutoli ikukukhudzani, ndipo mudzafunika kuinena poyera pamaso pa onse awiri. Mawu akuti "muziyang'anira limodzi" amamveka abwino powalankhula, koma sanena kuti ndani awerenge, ndani afananize, ndiponso ndani adziwitse wogulitsa katundu akaperewera. Ndaona kuti woyang'anira akavomereza kuti ntchito sanaigawe momveka, anthu okanganawo amasiya kudziteteza mofulumira kwambiri kuposa pamene akuona kuti mlandu wonse ugwera mmodzi wa iwo.

Kenako kumanani ndi aliyense payekha, tsiku limodzi lomwelo, pamalo pamene anzawo sangamve, ndipo muwapatse nthawi yofanana, mwina theka la ola aliyense. Mukamva wina Lolemba n'kumudikiritsa mnzake mpaka Lachinayi, wachiwiriyo amalowa m'chipinda akukhulupirira kuti chigamulo chapangidwa kale. Funso lakuti "walakwa ndani?" lisatuluke pakamwa panu. M'malo mwake nenani kuti, "Bambo, tandifotokozerani zimene mumachita kuyambira pamene galimoto yaima mpaka pamene pepala lachoka m'manja mwanu." Kwa kalaliki nakonso funsani chimodzimodzi: "Mayi, pepala likafika patebulo panu, mumayamba ndi chiyani, ndipo mumakhulupirira kuti chachitika kale ndi chiyani?" Lembani zimene akunena motsatira ndondomeko yake, ndipo musawadule mawu ngakhale akuoneka kuti akuzungulira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mfundo yofunika imabisala m'zinthu zimene munthu amaziona ngati zodziwikiratu moti sayembekeza kuti wina angazifunse.

M'nkhani yathuyi, mafunso amenewa akuvumbula kuti siginecha imodzi inali ndi matanthauzo awiri. Kwa wosunga katundu, kusayina kunkatanthauza kuti galimoto yafika ndipo katundu watsitsidwa, ndipo chiwerengero chenicheni ankachilemba m'kaundula amene amakhala mosungiramo katundu. Kwa kalaliki, siginecha yomweyo inkatanthauza kuti zonse zolembedwa pachikalatacho zatsimikizidwa, choncho sankaona chifukwa chopita kukatsegula kaundulayo. Palibe amene ananama, ndipo palibe amene anasiya ntchito imene ankaidziwa kuti ndi yake. Kufananiza chiwerengero cha m'kaundula ndi cha pachikalata ndiko kunalibe mwini kuyambira pachiyambi, kungoti masiku onse m'mbuyomo katundu ankabwera wokwanira ndipo mpatawo sunkaoneka.

Pomvetsera, mudzamvanso aliyense akunena kuti ndiye amasenza gawo lalikulu la ntchitoyo. Musatenge mawu amenewa ngati bodza. M'chaka cha 1979, akatswiri awiri a zamaganizo a ku yunivesite ya Waterloo ku Canada, Michael Ross ndi Fiore Sicoly, anafunsa anthu okwatirana za gawo limene aliyense amagwira pa ntchito zapakhomo, ndipo anapeza kuti m'mabanja ambiri zigawo zimene awiriwo ankadziwerengera, zikaphatikizidwa, zinkapitirira ntchito yonse imene inalipo. Chifukwa chachikulu n'chakuti munthu amakumbukira mosavuta zimene wachita yekha, pomwe zambiri zimene mnzake wachita sanazione n'komwe. Wosunga katundu amakumbukira masiku onse amene anatsalira madzulo kudikira galimoto yochedwa, koma sadziwa maola amene kalaliki amathera pafoni akulondola zikalata zosoweka. N'chifukwa chake kukangana za amene amagwira kwambiri sikutha ndi mawu okha. Kumatha pamene ntchito yonse yayalidwa papepala kuti aliyense aone zimene mnzake amachita.

Musanawakumanitse, funsani aliyense zimene akulola kuti zinenedwe pamaso pa mnzake. Munthu akaulula zakukhosi ali yekha kenako n'kuzimva zikubwerezedwa popanda chilolezo chake, sadzakuuzaninso kanthu.

Msonkhano wa onse atatu uchitike pasanathe masiku awiri kapena atatu. Yambani ndi kunena cholinga m'mawu ochepa: kuti mwakumana kuti katundu woperewera asadzalipiridwenso, ndiponso kuti aliyense adziwe pamene udindo wake ukuyambira ndi pamene ukuthera. Gwirizanani kuti wina akamalankhula mnzake azidikira, ndipo zokambidwa zikhale zochitika zenizeni zokhala ndi tsiku lake. Mawu ngati "nthawi zonse mumatero" akatuluka, funsani modekha kuti zinachitika liti. Aliyense akamaliza kufotokoza, pemphani mnzakeyo abwereze zimene wamva mpaka wolankhulayo avomereze kuti wamvedwa bwino. Njira imeneyi imaoneka yochedwetsa, koma ndi pamene kalaliki amayamba kumva ndi makutu ake kuti siginecha ija sinkatanthauza zimene iye ankaganiza.

Tsopano tengani pepala lalikulu ndipo awiriwo, osati inu, atchule zigawo za ntchitoyo chimodzi ndi chimodzi. Adzatchula kuwerenga katundu akamatsitsidwa, kusayina chikalata, kulemba m'kaundula, kufananiza zimene zafika ndi zimene zinaitanitsidwa, kudziwitsa wogulitsa ngati pali choperewera, ndi kutumiza mapepala kwa olipira. Pambali pa chigawo chilichonse palembedwe dzina limodzi lokha. Pamenepa ndipo pagona nkhani yonse, ndipo ndikukulimbikitsani kuti musagonje ngakhale awiriwo, pofuna kuonetsa kuti ayanjana, anene kuti chigawo chakutichakuti azichita onse. Kuthandizana n'kololedwa, koma woyankha chigawocho chikalephereka akhale mmodzi, ndipo dzina lachiwiri lilembedwe kokha ngati wogwirizira pamene mwini wake wadwala kapena ali patchuthi.

M'chitsanzo chathu akhoza kumvana motere. Wosunga katundu aziwerenga ndi kulemba chiwerengero chimene wapeza pachikalata chomwecho, pafupi ndi siginecha yake, woyendetsa galimoto asanachoke. Kalaliki azifananiza chiwerengerocho ndi zimene zinaitanitsidwa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ndipo asatumize kwa olipira pepala limene lilibe chiwerengero cholembedwa ndi dzanja la wosunga katundu. Kudziwitsa wogulitsa kukhale kwa kalaliki, popeza ndiye amalankhula naye kale. Onani kuti mgwirizanowu ukunena chinthu chooneka ndi maso chimene chikusonyeza kuti ntchito yachoka kwa wina yafika kwa mnzake. Mgwirizano wongoti "tizilankhulana bwino" sungayesedwe, ndipo patapita mwezi umodzi aliyense adzanena kuti iye anausunga.

Samalaninso za chilungamo pa zigawo zosakondedwa. Ngati kudikira galimoto zochedwa kumagwera munthu mmodzi masiku onse, ndiye kuti ngakhale mutakonza za siginecha, chidandaulo chidzatulukira pena. Ntchito yotere ingathe kusinthanidwa sabata ndi sabata motsatira ndandanda yopachikidwa poonekera, kapena woisenzayo apeputsidwe pa ntchito ina. Kusinthana kumayenda bwino pa ntchito zosafuna luso lapadera. Pa zofuna luso, kuli bwino mwini wake akhale wokhazikika.

Zimene mwagwirizana zilembedwe patsamba limodzi, onse asayine, aliyense atenge lake, ndipo anthu ena okhudzidwa, monga olipira, adziwitsidwe kagawidwe katsopanoko popanda kuwafotokozera za mkanganowo. Ikani tsiku lodzaonanso, pakatha masabata awiri, kenako pakatha mwezi. Pa tsikulo musakhutire ndi yankho lakuti zonse zili bwino. Tengani zikalata zingapo zaposachedwa muone ngati chiwerengero chikulembedwadi pafupi ndi siginecha. Ngati awiriwo akupatsiranabe mapepala kudzera mwa munthu wina, ngati aliyense wayamba kusunga kabuku kolembamo zolakwa za mnzake, kapena ngati mmodzi anavomera zonse pamsonkhano popanda kufunsa kanthu, dziwani kuti pali chimene sichinanenedwe, ndipo mubwerere kukamva aliyense payekha.

Pali nkhani zina zimene njira imeneyi siyenera kugwiritsidwa ntchito. Mukapeza kuti makatoni aja anafika onse koma ena anasowa m'kati, nkhaniyo ndi yofufuza motsatira malamulo a pantchito, osati yoyanjanitsa. Chimodzimodzinso ngati mmodzi akuopsezedwa, kunyozedwa kapena kuchitidwa nkhanza ndi mnzake, kuwakhazika patebulo limodzi ngati anthu ofanana mphamvu kumangomupweteka wozunzidwayo, ndipo nkhaniyo ipite kwa oona za antchito. Ngati udindo unalembedwa momveka kuyambira kale ndipo munthu akungoukana, chofunika ndi kukambirana naye yekha za kagwiridwe kake ka ntchito, chifukwa kumuitanira mnzake ku msonkhano woyanjanitsa kumapereka chithunzi chakuti onse ndi olakwa. Ndipo ngati mmodzi wa awiriwo ndi mnzanu wapamtima kapena wachibale, pemphani woyang'anira wina amene onse awiri angamuvomereze kuti akhale mkhalapakati m'malo mwanu.