Kugwiritsanso Ntchito Asainimenti Yako Yakale

"Ndinalemba ndekha asainimenti chaka chatha, ndipo mutu wa chaka chino ukufanana nawo. Ndingatengemo ndime zina? Si zanga zomwe?"

Ndi zako, inde, koma unalandira kale malikisi pa ntchitoyo. Ukaiperekanso mwakachetechete, mphunzitsi aziyesa ndi yatsopano, ndipo chinyengo chake chagona pamenepo.

Yamba ndi kuwerenga malamulo a kosiyo. Sukulu zina zimaletseratu, zina zimalola ukapempha. Kenako lembera mphunzitsi usanayambe kulemba, osati usiku woti mawa ukapereka. Muuze dzina la kosi yakale, chaka, ndi gawo lomwe ukufuna kutenga. Yankho lake likhale lolembedwa, ulisunge, poti za pakamwa zimakanidwa.

Akalola, itchule ntchito yakaleyo monga umatchulira buku la munthu wina: dzina lako, chaka, mutu, ndi kuti sinasindikizidwe. Tiyerekeze kuti unalemba za kukokoloka kwa nthaka, tsopano akufunsa njira zotetezera. Ndime yofotokoza zoyambitsa kukokoloka uifupikitse m'ziganizo ziwiri, uonetse komwe yachokera, mphamvu zonse zipite ku funso latsopanolo. Mawu omwe wakopera ndendende uwaike m'zizindikiro za mawu ogwidwa. Kungosintha mawu apa ndi apo osaulula sikuchotsa mlandu.

Usadalire kuti aiwala. Turnitin, pulogalamu ya pakompyuta yofufuzira zolemba zokopedwa, imatha kusunga ntchito zoperekedwa kale, ndiye ndime zako zikatulukira zofanana ndi pepala la wophunzira. Popanda chilolezo chija, udzavutika kufotokoza, ndipo ukhoza kulandira ziro kapena kuitanidwa ku komiti yosungitsa mwambo.