Momwe mungasamalire chikwama cha chikopa kuti chisaume kapena kuda

Musanapake chilichonse pa chikwama chanu, dziwani kaye mtundu wa chikopa chake, chifukwa mafuta amene amathandiza chikwama china amawononga chinzake. Sankhani malo obisika, monga kunsi kwa chikwama, ndipo mudonthezepo dontho limodzi la madzi. Dontholo likangokhala pamwamba osalowa, ndiye kuti chikopacho chinapakidwa utoto wochiteteza ndipo sichivuta kusamala. Likalowa msanga n'kusiya kadontho kakuda, chikopacho ndi chomwa madzi, ndipo chilichonse chimene mungapake chingathe kusintha mtundu wake. Chikopa chaubweya cha suwedi sichikhudzidwa ndi zimene ndikufotokoza pano, chifukwa chimangofuna burashi yake osati mafuta. Palinso zikwama zimene ogulitsa ena amalumbira kuti ndi chikopa chenicheni pamene ndi nsalu yokutidwa ndi pulasitiki. Zimenezi zikayamba kusupuka m'makona mumaona ulusi woyera kunsi, ndipo palibe mafuta amene angazipulumutse.

Kutsuka sikuvuta. Khuthulani zonse, tulutsani nsalu ya m'kati ndi kuikutumula, kenako pukutani fumbi la kunja ndi kansalu kofewa kouma. Mukatero nyowetsani kansalu kena koyera, mukafinye mpaka kasamadonthe, ndipo mupukute mbali imodzi yonse kuchokera pa msoko wina kufika pa msoko wina, chifukwa kunyowetsa pakati pokha kumasiya mzere madzi akauma. Zogwirira ndi zimene zimada kwambiri chifukwa cha thukuta ndi mafuta odzola a m'manja, choncho pamenepo gwiritsani ntchito thovu lochepa la sopo wotsukira chikopa, kenako mulichotse ndi kansalu konyowa. Sopo waufa wochapira, sipiliti ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo zisayandikire chikopa, pakuti zimachotsa utoto pamodzi ndi litsiro. Umitsani chikwamacho pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa kapena moto zimaumitsa msanga, koma zimakokanso mafuta a chikopa n'kuchisiya chili gwa.

Popaka mafuta ndi pamene zikwama zambiri zimawonongekera, ndipo apa m'pofunika kudekha. Chikopa chimafewa chifukwa cha mafuta amene anachilowetsa pochifufuta, ndipo mafutawo amachepa pang'onopang'ono. Mumadziwa kuti chikufuna ena chikayamba kutuwa, kukhakhala mukachisisita, kapena kuonetsa timizere toyera mopindika. Ngati chikadali chofewa ndi chowala, chisiyeni. Pa chikwama choyenda nacho tsiku ndi tsiku, kawiri kapena katatu pa chaka n'kokwanira.

Chikwama changa china chofiirira, cha chikopa chomwa madzi, chinawonongeka ndi kabotolo kopanda chizindikiro kamene wogulitsa wina ananditsimikizira kuti ndi mafuta a chikopa. Kanali kotchipa kwambiri poyerekeza ndi a m'sitolo, ndipo pa tsiku loyamba chikwamacho chinawala mosangalatsa. M'mawa mwake kutsogolo konse kunali kutada mosagwirizana, pena pakuda kwambiri pena pang'ono, makamaka m'mbali mwa misoko momwe mafutawo analowera m'mabowo a singano. Patapita masabata angapo chinayamba kumata m'manja, fumbi linkakakamirapo, ndipo chinatulutsa fungo la mafuta ophikira okhalitsa. Umu ndi momwe mafuta ophikira amachitira pa chikopa: amalowa mwakuya, amadetsa, kenako amasasa. Vasilini amene ena amalimbikitsa ngati njira yachidule salowa bwino, amangokhala pamwamba n'kumakola fumbi, pamene polishi wa nsapato amatsalira pa zovala zanu nthawi iliyonse chikwama chikakhuza m'chiuno. Gulani mafuta olembedwa bwino kuti ndi ofewetsera chikopa. Kabotolo kake kamaoneka kodula, koma kamakhalitsa chifukwa mumagwiritsa ntchito ochepa zedi.

Ngakhale mafutawo akhale enieni, ayeseni kaye pa malo obisika aja ndipo mudikire maola 24. Chikopa chimada pang'ono chikangopakidwa, kenako chimabwerera mwakale mafuta akalowa, n'chifukwa chake kuweruza pakangotha mphindi zochepa kumanamiza. Ngati tsiku lotsatira malowo akadali akuda moti simungakonde chikwama chonse chitatero, mafutawo sakugwirizana ndi chikopa chanu. Ngati zili bwino, ikani mafuta okula ngati kambewu ka nsawawa pa kansalu, osati pa chikwama, muwafikise m'kansalumo, kenako mupake mozungulizazunguliza mbali imodzi yonse musanapite ina. M'misoko ndi m'mbali mwa zipi dutsanimo mopepuka kuti mafuta asaunjikane. Siyani chikwamacho usiku wonse, ndipo m'mawa muchipukute ndi kansalu kouma mpaka chala chisamamate mukachikhudza. Chikaonekabe chouma, bwerezani patapita masiku angapo, chifukwa kuwonjezera mafuta n'kosavuta koma kuchotsa amene alowa kale n'kovuta kwambiri.

Ngati mwapaka kale ochuluka, pukutani otsala pamwamba ndi nsalu youma, muwaze paudala pa malo akudawo, musiye usiku wonse kuti ayamwe mafuta, ndipo m'mawa musase ndi burashi yofewa. Mungabwereze kangapo. Chikwama changa chija chinasiya kumata ndi njira imeneyi, koma mtundu wake woyamba sunabwerere wonse. Njira yomweyi imathandizanso dontho la mafuta a chakudya likagwera pa chikopa, malinga mwachita msanga ndipo simunafikise.

Mokalika namo muyenera kuyang'anitsitsa musanachite kanthu. Ngati pangotuwa koma utoto ulipo, sisitani ndi chala choyera, pakuti kutentha kwa chala kumasuntha mafuta a m'chikopa n'kubisa kamzereko, ndipo pakakanika pakanipo timafuta tochepa tija. Ngati utoto wachoka, monga zimachitikira m'makona a kunsi, mufunika kirimu wa chikopa wa mtundu wofanana. Yerekezani mtunduwo pa kuwala kwa masana, ndipo mukakayika pakati pa mitundu iwiri tengani wowalirapo, chifukwa wakuda kwambiri umaoneka ngati chigamba. Pakani pang'ono ndi kathonje, dikirani paume, n'kubwereza. Kachikopa kakatukuka koma sikanaduke, kamatikeni ndi kadontho ka guluu wa chikopa kotengedwa pa nsonga ya singano. Guluu wouma msanga uja amalimba ngati galasi ndipo amathyola chikopa popinda. Chogwirira chong'ambika chipite kwa mmisiri.

Posunga, onetsetsani kuti chikwama chauma bwino, kenako chidzazeni ndi nsalu zoyera za thonje kapena mapepala ofewa opanda zolemba, mokwanira kuti chiime koma osafufuma. Nyuzipepala imasiya inki pa nsalu ya m'kati. Lamba wochotseka mupinde n'kumuika m'kati, ndipo wa tcheni mumukulunge kuti asadinde chikopa. Chivekeni thumba la pilo, osati la pulasitiki lomwe limasunga chinyezi n'kubweretsa nkhungu, ndipo chikhazikeni pa shelefu m'malo mochipachika pa msomali, chifukwa zogwirira zimatamuka. Muzichitulutsa mwezi ndi mwezi kuti chipitidwe mphepo.