Mwacotsedwa nchito: zimene muyenera kuona musanapite ku leba kapena kukhoti

Malangizo awa acokera mu Lamulo la Nchito la Zambia nambala 3 la 2019, maka-maka gawo 52. Coyamba dziwani kuti sikuti kucotsedwa kulikonse kowawa ndiye kuti abwana aphwanya lamulo. Mutha kugwira zaka 10, ana ali pasukulu, lendi ikudikira, koma khoti nkunena kuti abwana sanalakwe. Khoti sipima kuti zakupwetekani bwanji, ipima cifukwa cimene anapereka ndi njira imene anatsata.

Yambani ndi kalata imene anakupatsani. Lamulo likamba kuti abwana afunika kukuuzani cifukwa, ndipo cifukwaco cigwere pa zinthu zitatu cabe: khalidwe lanu, kulephera nchito, kapena kuti kampani siifunanso malo anu. Zija zakale zongoti nayi notisi ya mwezi umodzi pitani bwino, popanda cifukwa, zinatha. Ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka nchito, afunikanso kukupatsani mpata woyankhapo asanagamule, osati kukuitanani mu ofesi kalata atasaina kale.

Tiyerekeze mayi wina ndi kashiya mushopu ya hadiweya ku Chipata. Ndalama zashota katatu m'miyezi iwiri, komaliza K1,200, anamulembera wonin'gi kawiri, kacitatu anamupatsa kalata ya mlandu, iye nkuyankha molemba, anakhala pansi ndi komiti, malisiti ndi buku la kashi zili patebulo, ndipo malamulo a kampani akamba kuti mlandu wotere cilango cake nkucotsedwa. Mwina inu ndi ine tikanangomudula pa salale nkumusiya agwire. Koma jaji safunsa kuti ine ndikanatani. Khoti ya Supilimu inakamba kale, monga pa mlandu wa ZESCO wa 2006, kuti khoti si apilu ya komiti ya pa nchito, iyo ingoona ngati komitiyo inali ndi mphamvu yolanga ndiponso ngati inaigwiritsa bwino. Umboni ulipo, anamumva, basi. Apa nkuuma mtima cabe, mlandu wa mayiyo ndi wovuta kuwina.

Manje sinthani pang'ono. Mayi yemweyo sanashotepo olo ngwee, wauza abwana kuti ali ndi pakati, pakupita masabata awiri kalata yabwera yoti bizinesi yatsika malo a kashiya atsekedwa, koma mwezi usanathe pa kauntala pamene paja pakhala mtsikana wina. Apa khoti siimira pa mau a m'kalata, iyang'ana kuseri kwake. Ndipo ici anthu ambiri saciziwa: gawo 52 liika udindo pa abwana kuti ndiwo atsimikize kuti cifukwa cinali ceniceni komanso colungama. Ndiye abweretse mabuku oonetsa kuti malonda anatsikadi, afotokoze cifukwa cake anasankha iyeyo, aonetse kuti anadziwitsa a leba monga gawo 55 lifunira pa kucepetsa anchito, ndiponso kuti analipira malipiro a miyezi iwiri pa caka ciliconse cimene anagwira. Nanga mtsikana watsopano uja adzamufotokoza bwanji? Akalephera, khoti itha kuona kuti cifukwa ceniceni ndi mimba, ndipo mimba, chuti ca ubereki, kudwala muli ndi pepala la dokotala, kulowa yuniyoni kapena kukadandaula za abwana ku leba, zonsezi lamulo likana kuti zikhale cifukwa.

Cimene cimagwetsa mabwana ambiri nkusintha-sintha nkhani. Kalata ikamba kuti malo atsekedwa, ku leba akuti anali wamwano, kukhoti akuti anali kuba. Jaji akaona cifukwa cikuyenda conco amayamba kukayika zonse. Koma inunso musadalire kwambiri zoti sanatsate njira, ngati munabadi ndipo munavomera, makhoti akhala akunena kuti kulumpha sitepu imodzi sikufafaniza mlanduwo.

Ngakhale akucotseni pompo popanda notisi, malipiro a masiku amene munagwira ndi masiku a chuti amene munasunga ndi anu, ndipo abwana afunika kulembera a leba lipoti m'masiku 4.

Sungani kontrakiti, mapeyisilipu, mawonin'gi, kalata yocotsedwa ndi mameseji onse a pa WhatsApp, lembani madeti a zonse motsatana cifukwa pa nkhani ngati ya mimba ija madeti ndiye umboni. Musasaine pepala loti mwasiya nchito mwekha ngati sizili tero. Kadandauleni kwa leba ofisa wa m'boma lanu kapena ku cigawo ca Khoti Yaikulu coona milandu ya anchito. Pa nthawi samalani, gawo 52 likamba masiku 30 pamene lamulo lina la za anchito ndi mayuniyoni, la caputala 269, likamba masiku 90, inu werengerani pa 30 kucokera tsiku limene anakucotsani.