Momwe mungakonzere ndondomeko ya thesisi: yambani ndi tsiku lopereka, muziwerenga chobwerera

Ndondomeko zambiri zimene ophunzira amaika kumapeto kwa pulopozo zimayamba ndi mwezi woyamba n'kumatsika bwinobwino, ntchito iliyonse miyezi iwiri iwiri. Zoterezi zimakongola papepala basi. Masiku amene amalamulira thesisi si anu: pali tsiku lopereka limene dipatimenti yaika, masiku amene komiti yovomereza kafukufuku imakumana, nyengo imene anthu amene mukufuna kuwafunsa amapezeka pakhomo, komanso masabata amene a supavaiza ali ndi mpata wowerenga. Yambani mwapeza masiku anayi amenewa, ntchito yanu muilowetse m'mipata yotsalayo.

Titenge chitsanzo cha wophunzira wa masitazi amene akufufuza kasungidwe ka chimanga pakati pa alimi ang'onoang'ono ku Dedza, ndipo thesisi yake ikufunika pa 31 Malichi chaka chamawa.

Werengani chobwerera

Tsegulani Excel. Mu A muzilemba ntchito, mu B tsiku, mu C masabata amene ntchitoyo ikufuna. Mu B2 ikani tsiku lopereka, kenako mu B3 lembani ichi n'kuchikokera pansi:

```
=B2-C3*7
```

Ubwino wake ndi woti tsiku lopereka likasuntha, masiku ena onse amasintha okha, ndipo mumaoneratu pamene pathina.

Kuchoka pa 31 Malichi, chotsani masabata 6. Atatu ndi oti a supavaiza awerenge thesisi yonse, awiri oti mukonze zimene anena, imodzi ya kusindikiza ndi kusainitsa mafomu. Ndiye kuti buku lonse likhale m'manja mwawo pa 17 Febuluwale. Chaputala chokambirana zotsatira chifike pakati pa Januwale. Disembala musamuwerengere ngati mwezi wathunthu, chifukwa kuyambira pakati pake maofesi amakhala atayamba kuzizira. Choncho chaputala cha zotsatira chipite kwa a supavaiza cha pa 20 Novembala, kusanthula deta kuchitike mu Okutobala, kuyeretsa ndi kulemba zojambulidwa mu Seputembala, ndipo kumudzi mukhaleko mu Ogasiti.

Ogasiti sanasankhidwe mwangozi. Chimanga chimakololedwa cha mu Epulo ndi Meyi, ndiye pofika Ogasiti chili m'matumba kapena m'nkhokwe ndipo mutha kuchiona ndi maso, anankafumbwe ngati alowa mumawapeza. Misewu yafumbi imakhala youma, anthu sanayambe kutanganidwa kwambiri ndi kusosa. Ngati kafukufuku wanu ndi wa m'sukulu, kalendala yanu ndi matemu ndi nthawi ya mayeso a MANEB. Mutu uliwonse uli ndi nyengo yake.

Chilolezo cha kafukufuku

Apa ndi pamene ndikhalitsepo, chifukwa ndondomeko yanga inagwera pomwepa.

Kafukufuku wokhudza anthu sayamba popanda chilolezo cha komiti yoona kuti ofunsidwa sakuphwanyiridwa ufulu. Mayunivesite athu ali ndi makomiti awo, monga UNIMAREC ku Zomba ndi MZUNIREC ku Mzuzu, za umoyo zambiri zimadutsa ku COMREC kapena ku NHSRC, ndipo pamwamba pa onsewa pali bungwe la sayansi la NCST. Funsani ku dipatimenti kuti yanu ndi iti, ndipo mufunsenso zinthu ziwiri zimene zimaiwalika: komitiyo imakumana liti, nanga tsiku lomaliza kulandira mapepala a msonkhano umenewo ndi liti. Komiti siwerenga pulopozo tsiku limene mwaipereka. Mukaphonya tsiku lolandirira ndi maola ochepa chabe, mudikira msonkhano wotsatira.

Ine mapepala anga anabwezedwa asanafike n'komwe pamaso pa komiti, ati fomu yopempha chilolezo kwa ofunsidwa inali m'Chingerezi mokha, pamene alimiwo amayankhula Chichewa. Nditamasulira, msonkhano unali utadutsa. Pa msonkhano wotsatira anayankha kuti avomereza ndikakonza mfundo zingapo, ndipo zokonzazo zinafunikanso siginecha ya a supavaiza amene anali kunja kwa dziko. Kalata yeniyeni inatuluka mvula yoyamba itagwa.

Zotsatira zake n'zimene ndikufuna mumvetse. Mu Novembala ndi Disembala mlimi amalawirira kumunda, mukafika pakhomo mumapeza ana ndi agogo. Njinga yamoto imatitimira m'matope, a kabaza nawo amakweza mtengo. Choipa kwambiri n'chakuti imeneyi ndi nyengo ya feteleza wotsika mtengo, ndiye mlendo aliyense wobwera ndi foni n'kumalemba mayina amaonedwa ngati wodzalemba anthu olandira thandizo. Mukafunsa kuti munakolola matumba angati, yankho limatsika dala. Mumazindikira zimenezi mukaona kuti khomo limene lanena matumba atatu lili ndi matumba asanu ndi atatu atasanjidwa m'chipinda, kapena anthu amene sali pa mndandanda wanu akuumirira kuti nawonso alembedwe. Deta yotere siikonzeka pa kompyuta.

Ndiye mu ndondomeko yanu, gawo la chilolezo mulipatse miyezi itatu ngakhale anthu akuuzeni kuti zimatha mwezi umodzi. Muwerengere kuti mapepala apita kawiri. Kwa wophunzira wathu wa ku Dedza, pulopozo aiteteze mu Malichi, mapepala apite ku komiti kumayambiriro kwa Epulo, kuti pofika Julayi kalata ikhale ilipo. Mu envelopu mukhale pulopozo yosainidwa, mapepala a mafunso m'zinenero zonse ziwiri, fomu ya chilolezo yomasuliridwa, bajeti, ndi risiti ya ku banki. Ndalama yolipira imasiyana malinga ndi komiti komanso digiri, choncho funsani ku ofesi yawo, musadalire zimene mnzanu analipira chaka chatha. Risitiyo ijambuleni pa foni musanaipereke.

Miyezi yodikirayo musangokhala. Malizani chaputala chachiwiri ndi chachitatu, ikani mafunso mu KoboToolbox, pulogalamu yotolera deta pa foni, ndipo yambani kuyendera makalata ena. Chilolezo cha komiti sichikulowetsani m'mudzi. Mufunika kalata ya ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma, kenako ku ofesi ya ulimi, kenako alangizi a m'deralo amene adzakutengereni kwa a T/A, a gulupu ndi a nyakwawa. Ikani masabata awiri a zimenezi, ndipo mupite nokha. Kalata yosiyidwa pa desiki simayenda.

Masiku a kumudzi muwawerenge ndi masamu

Musalembe kuti "kutolera deta: mwezi umodzi" musanawerenge. Tinene kuti dera lanu lili ndi mabanja 2,000. Ambiri amagwiritsa ntchito fomula ya Yamane ya mu 1967:

```
n = N / (1 + N*e^2)
```

Apa n ndi mabanja oti mufunse, N ndi mabanja onse a m'deralo, e ndi mlingo wa kuphonya umene mukulola. Mukaika e = 0.05, mumapeza 2,000 kugawa ndi 6, amene ndi mabanja 334. Pepala la mafunso lotenga mphindi 40, kuphatikizapo kuyenda, kulonjerana ndi kudikira, wofunsa mmodzi amakwanitsa mabanja 6 patsiku. Ofunsa anayi ndi mabanja 24, ndiye pakufunika masiku 14 ogwira ntchito. Onjezanipo masiku opemphera, tsiku la msika, ndiponso maliro, chifukwa m'mudzi mukagwa zovuta simungayende ndi mafunso. Masiku 14 aja asanduka masabata anayi.

Musanapite, yesani mafunsowo pa mabanja 15 kapena 20 m'mudzi umene suli pa mndandanda wanu. Apa ndi pamene mudzaone kuti wina akuti thumba akutanthauza la makilogalamu 50, wina akuwerenga ngolo za chimanga chosatong'ola, wina ndowa. Zikonzeni pamenepa.

Za ofunsa mafunso: otchipa kwambiri ndi amene amadzaza mapepala atakhala pansi pa mtengo wa mango. Mu fomu yanu ya Kobo yatsani `start` ndi `end`, zimene zimasunga nthawi yoyambira ndi yomalizira, muikemonso funso la GPS. Madzulo aliwonse yang'anani. Pepala la mphindi 40 likatha mu mphindi 9, kapena mabanja asanu akaonekera pa malo amodzi, mwaigwira nkhani. Alipireni theka poyamba, theka lina mukaona ntchito. KoboCollect, pulogalamu ya Kobo ya pa foni, imagwira popanda netiweki, bandulo imangofunika potumiza, koma pawabanki gulani yabwino, zija za m'mbali mwa msewu zimatha mphamvu dzuwa lisanafike pamutu. Bajeti ya mafuta muionjezerepo, mtengo wake sudikira pulopozo yanu.

Masiku a a supavaiza

Ndondomekoyi musaisunge nokha. Pitani nayo kwa a supavaiza muwafunse kuti, "A Dokotala, pa masiku awa ndi ati amene mudzakhale mukuchonga mayeso kapena muli paulendo?" Chongani masabata amenewo ndi mtundu wofiira. Gawo lililonse likhale ndi masiku awiri: lotumiza, ndi lokumana, motalikirana masabata awiri kapena atatu. Tsiku lokumana lokha silithandiza, mudzapeza asanatsegule n'komwe failo.

Kukumana kofunika kwambiri ndi kusanu: mafunso asanapite ku komiti, mukatha kuyesa mafunso, matebulo oyamba akatuluka, chaputala cha zotsatira chikatha, ndi buku lonse. Kwa matebulo kuja musakuphonye. Ndi bwino akuuzeni mu Okutobala kuti njira yosanthulira siyoyenera kusiyana n'kukuuzani mu Febuluwale mutalemba masamba 30 pamwamba pake. Mukakumana, madzulo omwewo tumizani imelo yaifupi yonena zimene mwagwirizana ndi tsiku lotsatira. Ngati muli ndi a supavaiza awiri, gwirizanani kuti woyamba kuwerenga ndani, apo ayi mudzalandira ndemanga zotsutsana.

Kusanthula ndi kulemba

Kuyeretsa deta kupatseni masabata awiri, ndipo failo yoyambirira musaikhudze, gwirani ntchito pa kope. Ngati munajambula zokambirana za m'magulu, ola limodzi la mawu limatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kulilemba, kumasulira kusanayambe. Magulu 8 a ola ndi theka ndi maola 12 ojambulidwa, kapena kuti maola pafupifupi 60 muli ndi zomvetsera m'makutu. Ikani masabata atatu.

Kusanthula kwenikweni mu SPSS, Stata kapena R n'kwachangu ngati matebulo opanda manambala munawajambuliratu, cholinga chilichonse tebulo lake. Anyamata aja amamata mapepala m'mitengo kuti amasanthula deta, samalani nawo. Adzakupatsani matebulo okongola, koma tsiku loteteza thesisi funso lidzabwera kwa inu, iwo kulibe.

Kulemba mukudziwa kale. Sungani kope pa imelo Lachisanu lililonse. Za kusindikiza, funsani kaye ku dipatimenti mtundu wa chikuto ndi chiwerengero cha makope, ndipo musamangitse chikuto cholimba oyesa mayeso asanabweze ndemanga zawo.