Mafunso Othandiza Ophunzira Kuganiza, Osangoloweza

“Ndimaphunzitsa Sitandade 6 ku Zomba, koma ana anga amangobwereza zimene ndanena. Ndikonze bwanji mafunso?”

Aphunzitsi, lembanitu mafunso atatu m’chikonzero cha phunziro, pamodzi ndi mayankho amene mukuyembekezera. Titenge phunziro la kukokoloka kwa nthaka. Yambani ndi funso lokumbutsa: “Tchulani zinthu zimene zimakokolola nthaka.” Musakhalitsepo.

Kenako funsani chifukwa: “N’chifukwa chiyani madzi a mvula ochokera m’phiri la Zomba amafiira kwambiri akadutsa m’minda yopanda mitengo?” Dikirani masekondi asanu musanatchule dzina, chifukwa mukafulumira amayankha okhawo oloweza. Mwana akati “mitengo imateteza nthaka,” musavomere msanga, popeza mawuwo angakhale a m’buku. Funsani kuti imateteza bwanji, mpaka atchule mizu yogwira dothi ndi masamba ochepetsa mphamvu ya madontho. Apa, kwa ine, ndi pamene phunziro lagona.

Pomaliza sinthani nkhani: “Alimi awiri alima pamalo otsetsereka, wina mizere yotsika, wina yopingasa. Ndani ataye nthaka yambiri?” Akambirane awiriawiri, ndipo mukaona kuti akusankha osapereka chifukwa, bwererani ku funso lachiwiri.