Momwe mungapimire mafuta ophikira m'timapepala phindu osathawa

Ambiri amene amaoda chigubu cha mafuta cha malita 20 n'kumapima pa okala amadandaula chimodzimodzi: mafuta atha, makasitomala anabwera, koma ndalama yokaodera chigubu china siyikukwana. Nthawi zambiri vuto limayambira pa kapimidwe ndi pa masamu a tsiku loyamba. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza, inu muikepo ya kwanuko.

Yambani ndi kuwonkhetsa zonse zimene zatuluka m'thumba mafutawo asanafike pa benchi. Tinene kuti chigubu mwagula K100,000, wakabaza mwamupatsa K3,000, timapepala tomangira ta K4,000. Mpamba wanu ndi K107,000, osati K100,000. Ngati mumadula chiphaso cha mumsika, nachonso chilowe momwemo.

Kenako vomerezani kuti malita 20 simudzawagulitsa onse. Ena amamatirira m'chigubu, ena pa fanulo, ena amadontha pomanga, ndipo kapepala kena kamaphulika. Chigubu choyamba chotseranitu theka la lita, muwerengere malita 19.5, omwe ndi mamililita 19,500. Chikatha mudzadziwa nambala yanu yeniyeni, chifukwa mudzakhala mutalemba m'kope timapepala tonse timene mwamanga.

Tsopano muyezo. Apa ndi pamene ndimapempha anthu kuti asadalire maso. Gulani sirinji yatsopano ku famase, muyeze mamililita 50 a mafuta, muthire m'kakapu kowonekera mkati, mudinde mzere pomwe alekeza. Kakapu kameneko ndiko kakhale kopimira aliyense, kaya ndi inu, kaya mwana amene mwamusiya pa okala. Pa muyezo umenewu, 19,500 kugawa ndi 50 zikupatsani timapepala 390, ndipo kalikonse kakudyerani K107,000 kugawa ndi 390, pafupifupi K275.

Poika mtengo, sankhani gawo limene mukufuna lizitsala. Ngati mukufuna K20 pa K100 iliyonse yolowa m'kabati, gawani K275 ndi 0.8. Zikubwera pafupifupi K344, ndiye gulitsani K350 kuti chenji chisavute. Timapepala tonse tikatha mupeza K136,500, phindu K29,500.

Taonani zimene dzanja lolemera limachita. Mukamapyola mzere ndi mamililita 5 okha, supuni yaing'ono ya tiyi, kapepala kalikonse kakhala 55. Chigubu chomwecho chitulutsa timapepala 354 basi, ndalama K123,900. Ndiye kuti K12,600 yapita popanda wakuba aliyense. Kapepalako mukakanyamula m'manja simungaone kusiyana kwake, n'chifukwa chake kuwerenga n'kofunika: mukamanga n'kupeza kuti simunafike pa 380, muyezo wasokonekera kapena china chikudontha. Basera nayenso amalowa pomwepa. Kupatsa kasitomala wokhulupirika sikulakwa, koma lembani kapepala kameneko ngati katuluka.

Chovuta kwambiri ndi tsiku limene mtengo wakwera kooda. Mukamva kuti chigubu chafika pa K120,000 inu mukadali ndi mafuta akale, sinthani mtengo tsiku lomwelo. Ambiri amachita manyazi, amati ndimalize kaye akalewa. Koma ndalama ya mafuta akalewo ndi imene ikagule chigubu chatsopano, ndipo mpamba wake tsopano ndi K127,000. Pa timapepala 390, kalikonse kafika pa K326, ndipo mukapitiriza pa K350 mutsala ndi K9,500 yokha.

Njira zilipo ziwiri. Mutha kukweza kufika pa K400, chigubu n'kukupatsani K156,000, phindu K29,000. Kapena musiye pa K350 koma muchepetse muyezo kufika pa mamililita 43, zimene zitulutsa timapepala pafupifupi 453. Ine ndimakonda yoyambayo. Mayi amene amagula tsiku ndi tsiku amadziwa bwino mmene mafuta ake amakwanira pa ndiwo, ndipo akaona kuti achepa mwakachetechete amasamukira kwa mnzanu. Ngati mwasankha kuchepetsa, muuzeni poyera.

Mangani ongokwanira masiku awiri kapena atatu, ndipo musawapachike padzuwa. Mafuta a kuno amathiridwa vitamini A, amene amawonongeka ndi kuwala, komanso mafuta okhalitsa pa kutentha amayamba kununkha moipa. Fanulo ndi kakapu zikhale zouma, popeza madzi amachititsa mafuta kuoneka a mbuu.

Masamu omwewa amagwiranso pa shuga ndi mpunga, kungoti kumeneko muyezo ndi sikelo. Thumba la mpunga lolembedwa makilogalamu 50 liyezeni musanamasule, ndipo mukapeta ndi kusankha timiyala muliyezenso. Nambala yachiwiriyo ndi imene mugawire mpamba wanu.