Momwe mungasankhire firiji yopirira magetsi othimathima

Anthu ambiri akafika m'sitolo amayamba ndi kufunsa kuti pakati pa Defy, Hisense, KIC, Samsung ndi LG yolimba ndi iti. Funsoli ndi lomveka, koma dzina la kampani palokha silikuuzani ngati firijiyo ipirira magetsi a kwanu, chifukwa kampani imodzi imapanga mafiriji osiyanasiyana, ena opangira maiko ozizira kumene magetsi sasinthasintha, ena opangira maiko otentha. Zomwe muyenera kudziwa zalembedwa pa kachikwangwani kamene kamamatidwa kumbuyo kwa firiji kapena mkati mwake chakumbali, ndipo dzina liyenera kubwera pamapeto, mukawerenga kachikwangwaniko ndi kudziwa magetsi a m'nyumba mwanu.

Choyamba: yezani magetsi a m'nyumba mwanu

Magetsi amene ESCOM imagawa m'nyumba amayenera kukhala a mavoliti 230, ndipo zipangizo zambiri zimagwira bwino ntchito akatsika mpaka 207 kapena akakwera mpaka 253. Chimene chimapha firiji kawirikawiri si kuthima kwa magetsi, koma magetsi ofooka, komanso mmene amabwerera akathima. Nyumba imene ili kumapeto kwa mawaya, kutali ndi thiransifoma, kapena m'dera limene nyumba zachuluka kuposa mphamvu ya thiransifomayo, imalandira magetsi ofooka makamaka madzulo, pamene aliyense wayatsa mbaula ndi ketulo. Mababu akale ankaonetsa zimenezi pochita mbuu, koma mababu amakono amawala chimodzimodzi ngakhale mphamvu itatsika kwambiri, choncho musadalire maso.

Itanani mmisiri wa magetsi kuti ayeze ndi mita yake pa soketi yeniyeni imene mudzalumikizepo firiji, kapena gulani kachipangizo kolowetsa pa soketi kamene kamaonetsa nambala ya mavoliti. Muyeze m'mawa, masana, ndiponso pakati pa 6 ndi 8 koloko madzulo, kwa masiku angapo, ndipo mulembe nambala yotsika kwambiri ndi yokwera kwambiri. Mukapeza kuti mavoliti amapitirira 253 mobwerezabwereza, kapena mababu ena akuwala mopitirira pamene ena akuzilala, vuto likhoza kukhala waya wa nyutulo, umene magetsi amabwererapo ku thiransifoma, ndipo limeneli ndi lofunika kukonzetsa musanagule chilichonse.

Chachiwiri: mvetsani chimene magetsi ofooka amachita ku kompulesa

Kompulesa ndi injini yamagetsi imene imapopa gasi wozizitsa, ndipo pa nthawi yodzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imagwiritsa ntchito ikamayenda. Mavoliti akatsika kwambiri injiniyo imalephera kutembenuka, koma imapitirizabe kukoka magetsi, ndipo mawaya ake amatentha. Kachipangizo koteteza kamene kali pambali pake kamadula magetsi, kenaka kakazizira kamalumikizanso, injini n'kuyesanso. Mukamva firiji ikung'ung'udza kwa masekondi ochepa, kenaka n'kumveka kuti “tiki” n'kukhala chete, ndipo zimenezi zikubwerezabwereza pakapita mphindi zochepa, dziwani kuti ikulephera kudzuka. Izimitseni pa soketi nthawi yomweyo, chifukwa ikatero usiku wonse kwa masabata angapo kompulesa imapsa.

Zofanana ndi zimenezi zimachitika magetsi akathima n'kuyakanso pakangopita masekondi ochepa. Gasi amakhala akadali wopanikizika mbali imodzi ya mapaipi, ndipo injini imayesa kudzuka ikukankhana ndi mpanikizowo. Pamafunika mphindi zitatu mpaka zisanu kuti gasiyo akhazikike.

Chachitatu: werengani kachikwangwani musanakambe za mtengo

Pa kachikwangwani yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba ndi mzere wa mavoliti, umene pa firiji yoyenera kuno umalembedwa kuti 220-240V~ 50Hz. Firiji yakale yochokera ku America imafuna mavoliti 120 ndipo ya ku Japan imafuna 100, choncho musaigule ngakhale itatsika mtengo bwanji, chifukwa idzadalira thiransifoma yaing'ono moyo wake wonse. Mafiriji ena amanenedwa kuti amadzuka ngakhale magetsi atafooka, kapena kuti safuna sitabilayiza, chipangizo chokweza magetsi ofooka n'kutsitsa okwera. Mawu otere asakukhutiritseni akangonenedwa pakamwa. Pemphani kabuku ka firijiyo muone nambala yeniyeni ya mavoliti otsika kwambiri amene imapirira, kenaka muyerekeze ndi nambala imene munalemba kunyumba. Ngati wogulitsa sangakuonetseni nambalayo, itengeni ngati firiji wamba.

Chinthu chachiwiri, chimene ogula ambiri sachidziwa n'komwe, ndi zilembo zosonyeza nyengo imene firijiyo inapangidwira. Zilembo SN zikutanthauza chipinda chotentha madigiri 10 mpaka 32, N ndi 16 mpaka 32, ST ndi 16 mpaka 38, ndipo T ndi 16 mpaka 43. Ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima ndi Karonga, khitchini yofoleredwa ndi malata m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala imapitirira madigiri 32 mosavuta, ndipo firiji ya N pamalo otere imangoyenda osapuma, kudya mayunitsi koma osazizitsa mokwanira. Kumeneko sankhani ya T. Ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ya ST imakwanira m'nyumba zambiri. Apa m'pamene mafiriji akale ochokera ku Ulaya amagwera: mavoliti ake amagwirizana ndi athu, koma ena anapangidwira nyengo yozizira.

Chachinayi: werengerani mayunitsi

Mafiriji ambiri atsopano, makamaka odzera ku South Africa, amakhala ndi pepala la mizere yamitundumitundu lomatidwa pachitseko, ndipo pamenepo pamalembedwa nambala ya kWh pa chaka. Yuniti imodzi imene mumagula ku ESCOM ndiyo kWh imodzi, choncho mukagawa nambalayo ndi 12 mupeza mayunitsi a pamwezi. Musadalire chilembo chokha cha A kapena B cha papepalalo, chosonyeza kuti firijiyo siiwononga magetsi, chifukwa firiji yaikulu ya chilembo chabwino ikhoza kudya kuposa yaing'ono ya chilembo chotsikirapo, ndiponso mapepala a maiko osiyana sawerengera mofanana. Dziwaninso kuti nambalayo amaipeza poyesa m'chipinda chosatentha kwambiri, kotero m'dera lotentha, m'nyumba ya ana otsegula chitseko pafupipafupi, mayunitsi enieni adzaposa pamenepo.

Tiyerekeze kuti banja lina ku Mangochi layeza n'kupeza mavoliti 228 masana ndi 192 madzulo, ndipo magetsi amathima maola asanu kapena asanu ndi limodzi masiku ena. M'sitolo apeza mafiriji awiri. Yoyamba ndi ya malita 250, ya T, yomwe imaundana madzi m'chipinda chake chapamwamba ndipo imafunika kusungunulidwa ndi manja, ndipo pepala lake likuti 270 kWh. Yachiwiri ndi ya malita 320, ya ST, yosaundana, yokhala ndi timabatani pachitseko, ndipo pepala lake likuti 420 kWh. Yoyamba idzadya mayunitsi pafupifupi 23 pamwezi, yachiwiri 35, kusiyana kwake mayunitsi 150 pa chaka. Muchulukitse ndi mtengo wa yuniti umene mumalipira kuti muone ndalama zake. Yachiwiriyo imadya kwambiri chifukwa ndi yaikulu, komanso ili ndi fani ndi kawaya kotenthetsa kosungunula madzi oundana. Kwa banja ili yoyamba ndiyo yoyenera, chifukwa cha chilembo T ndiponso chifukwa ili ndi zida zochepa zimene zingapse. Komabe mavoliti 192 ali pansi pa 207, choncho ngakhale firiji yoyambayo siyenera kulumikizidwa mwachindunji pa soketi.

Chachisanu: ikani ndalama ya chotetezera mu bajeti yomweyo

Pali zipangizo ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Firiji gadi, monga ya Sollatek, imadula magetsi akatsika kapena akakwera kupitirira malire ake, ndipo akabwerera imadikira mphindi zochepa isanalumikize. Siiwonjezera mphamvu. Sitabilayiza ndiyo imakweza magetsi ofooka n'kutsitsa okwera. Nyumba imene magetsi ake amathima koma akayaka amakhala abwino ikufunika gadi yokha. Banja la ku Mangochi lija likagula gadi yokha, ndipo madzulo ena mavoliti n'kutsika kupyola malire a gadiyo, firiji idzakhala yozima nthawi yonseyo ngakhale magetsi alipo; likufunika sitabilayiza yokhala ndi nthawi yodikira. Ngakhale firiji ya panyumba imagwiritsa ntchito mawati pafupifupi 100 mpaka 200 ikamayenda, gulani sitabilayiza ya 1000VA kapena kuposerapo chifukwa cha mphamvu ya podzuka ija. Firiji ikhale ndi soketi yakeyake yokhala ndi waya wa ethi, osati ekisitenshoni yopyapyala yogawana ndi ketulo, pakuti waya wopyapyala umatsitsanso mavoliti.

Nanga za kompulesa ya invata? Imeneyi imadzuka pang'onopang'ono, imadya mayunitsi ochepa, ndipo mitundu yambiri imapirira mavoliti otsika kuposa kompulesa wamba. Ngati muli ndi sola kapena mabatire ochirikiza nyumba, ndiyo yabwino kwambiri, chifukwa podzuka siigwetsa invata ya nyumba, imene imasandutsa magetsi a m'mabatire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba. Kuipa kwake n'kwakuti imayendetsedwa ndi bolodi ya zamagetsi imene imatha kupsa ndi chiphaliwali kapena magetsi obwera mwamphamvu, ndipo bolodiyo ndi yodula komanso siipezeka paliponse. Maganizo anga ndi akuti wokhala m'tauni yaikulu angathe kugula ya invata n'kuiteteza ndi gadi, koma wokhala kutali ndi tauni amapindula ndi firiji ya kompulesa wamba yokhala ndi kogudubuza kosinthira kuzizira, imene mmisiri wa pamsika amaikonza tsiku lomwelo.

Chachisanu ndi chimodzi: tsopano sankhani dzina

Mukatsala ndi mafiriji awiri kapena atatu amene akwaniritsa zonsezi, pitani kwa amisiri okonza mafiriji m'dera lanu, osati kwa ogulitsa, mukawafunse kuti ndi mtundu uti umene zida zake amazipeza msanga, ndiponso ngati amatha kuthira gasi wa R600a, amene ali m'mafiriji ambiri atsopano ndipo amayaka moto akagwiridwa mosasamala. Funsaninso m'sitolo kuti walanti ndi ya nthawi yaitali bwanji, ikukhudza kompulesa yokha kapena firiji yonse, ndipo amakonzera kuti. Mawalanti ambiri sakhudza kuwonongeka kobwera ndi magetsi, choncho sungani lisiti la gadi kapena sitabilayiza pamodzi ndi la firiji.

Musanalipire, tsekerani pepala pachitseko n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, labala ya chitsekocho siikugwira bwino ndipo kuzizira kudzathawa msanga magetsi akathima. Firiji yosatsegulidwa imasunga chakudya bwinobwino kwa maola pafupifupi anayi, pamene firiza yodzaza imatha kufika maola 48, ndipo yodzaza theka maola 24. N'chifukwa chake munthu wosunga nsomba kapena nyama yambiri, kapena wogulitsa mafilizesi, amachita bwino kugula firiza yotsegukira pamwamba, imene mpweya wozizira sutayika akaitsegula. Mufiriji wamba, dzazani malo otsala m'chipinda choundanitsa ndi mabotolo a madzi osadzaza mpaka pakamwa, ndipo magetsi akathima tsitsani awiri kapena atatu muwaike pa shelefu yapamwamba ya chipinda cha zakudya.

Firiji ikafika kunyumba, iimikeni chilili kwa maola osachepera anayi musanaiyatse, kapena tsiku lathunthu ngati inabwera chogona m'galimoto, kuti mafuta a kompulesa abwerere m'malo mwake. Isiyireni mpata wa masentimita pafupifupi 10 kumbuyo, kutali ndi mbaula ndi dzuwa la pazenera, ndipo madzulo oyamba, pa nthawi imene magetsi amafooka, khalani pafupi mumvetsere ngati kompulesa ikudzuka kamodzi n'kupitiriza kuyenda.